Nambala ya kasitomala ndi yobwereka

Pa kauntala ya shopu ya azakhali anga ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe, pankakhala kope lachikuto chofiira lomwe analimangirira bolopeni ndi kaulusi. Azakhali amagulitsa zovala za ana za kaunjika ndi zitenje, ndipo aliyense wodziwa malonda a kaunjika amadziwa kuti tsiku lenileni ndi lotsegula belo. Wolawirira amasankha zabwino, wofika dzuwa litapendeka amapeza zotsala. N'chifukwa chake makasitomala ankapempha okha kuti, "Mayi, mukatsegula mundiuzeko." Azakhali ankangokankha kope lija, munthu n'kulemba dzina ndi nambala yake ya foni m'munsi mwa mayina a anzake. Polemba, maso ake ankayenda tsamba lonse, ndipo panalibe amene ankaona cholakwika.

Mayina atafika 84, mwana wawo wamwamuna anawatsegulira gulupu ya WhatsApp n'kulowetsamo anthu onse tsiku limodzi, osafunsa ndi mmodzi yemwe. Sipanathe milungu iwiri. Mayi wina anafika m'mawa nkhope ili gwa, kudandaula kuti bambo wina wosamudziwa akumamuimbira usiku, ndipo kunyumba kwabuka mkangano. Atamufunsa komwe anatenga nambala, bamboyo anayankha kuti, "Tili limodzi m'gulupu ya zovala ija." Patangopita masiku ochepa, mtsikana wina analandira uthenga wochokera pa nambala yachilendo koma yokhala ndi chithunzi cha shopu ya azakhali, wonena kuti kwabwera belo la nsapato ndipo ofuna kusankha koyamba atumize K10,000. Anatumiza. Anabwera Loweruka kudzasankha nsapato zomwe kunalibe.

Azakhali sanagulitse nambala ya munthu, sanafunenso kupweteka aliyense. Komabe nambala zija zinatulukira m'manja mwawo, ndipo amene anachita manyazi pamaso pa anthu ndi iwo.

Ambiri timaiona nambala ya foni ngati kanthu kakang'ono, manambala khumi oyamba ndi 088 kapena 099. Zinali choncho kale. Kuyambira mu 2018, simukhadi iliyonse m'Malawi muno imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo nambala yomweyo ndi imene imasunga ndalama za munthu ku Airtel Money kapena ku Mpamba. Ukatumiza ndalama ngakhale zochepa, dzina la mwini nambala limaoneka. Ukaisunga m'foni n'kutsegula WhatsApp, nthawi zambiri umaona nkhope yake, mwinanso ya ana ake. Wakuba akadziwanso kuti munthuyu amagula kwa mayi wakuti ndipo amadikira belo Loweruka, bodza lake limakhala ndi mutu ndi miyendo. Mauthenga aja oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" ambiri tinawazolowera ndipo timangowafufuta, koma uthenga wotchula shopu yomwe umagulako ndi tsiku la belo ndi wovuta kuukayikira.

Malamulo nawo salinso chete. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi za moyo wake, ndipo mu 2024 Malawi anakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, lomwe bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mfundo zake zikuluzikulu mayi wa pa okala angazimve popanda loya. Munthu auzidwe chifukwa chomwe ukutengera za iye. Usatenge zoposa zimene ukufunikira, usazigwiritse ntchito ina yosiyana ndi imene unanena, uzisunge mosamala ndipo usakhale nazo mpaka kalekale. Amene analola ali ndi ufulu wosintha maganizo.

Kwa ine mfundo zonsezi zimakumana pa chinthu chimodzi chomwe tinachiphunzira kumudzi. Ukabwereka khasu kwa mnzako kuti upalire chimanga, sukalibwereketsa kwa wina, sukakumbira mwala, ndipo ukamaliza umalibweza. Nambala ya kasitomala ndi yobwereka chimodzimodzi.

Kufunsa kwake

Nambala zimafika mu shopu kudzera m'njira zosiyanasiyana, ndipo apa ndi pomwe ambiri timasokonezera. Wina wasiya nambala chifukwa watenga chitenje pa ngongole. Wina wasiya kuti mumuimbire diresi lomwe waitanitsa likafika. Wina sanasiye n'komwe, wangolipira pa foni ndipo nambala yake yaonekera mu uthenga wa ndalama. Onsewa palibe amene wanena kuti muzimutumizira zithunzi za malonda. Wangongole mungamuimbire za ngongole yake, wa diresi mungamuimbire za diresi lake, ndipo wolipira pa foni uja musamuimbire pokhapokha pali vuto ndi malipirowo. Mukafuna kuti azilandira za belo, mufunseni padera.

Mawu amene azakhali amanena masiku ano ndi awa, ndipo satenga ndi mphindi imodzi yomwe:

"Asisi, timatsegula belo Lachiwiri ndi Loweruka. Mukafuna ndizikutumizirani uthenga pa WhatsApp, kawiri pa sabata basi. Nambala yanu sindipatsa munthu, ndipo tsiku lomwe mwatopa nawo mudzangonena, ndidzakuchotsani. Ndikulembeni?"

M'mawu ochepawo munthu wamva chomwe adzalandire, kangati, ndani adzaone nambala yake, ndi khomo lotulukira. Chovuta chili pomva yankho. Ife Amalawi sitikonda kukana munthu pamaso, makamaka mayi wamkulu amene wangotichotsera mtengo. Munthu akati "ndiganize kaye," kapena "foni yanga ikuvuta masiku ano," kapena "bandulo imandisowa," wakana, ndipo musamupanikize. Mukamukakamiza adzakulemberani nambala yopereweza kapena yosintha nambala imodzi, ndipo uthenga wanu uzidzafika kwa mlendo wa ku Karonga amene sanamvepo za shopu yanu. Mukaona kuti nambala zambiri m'kope mwanu sizikupezeka, dziwani kuti anthu ankalemba pongofuna kuti muwasiye apite. Musamangirirenso nambala ku malonda, monga kunena kuti wosasiya nambala sachotseredwa mtengo. Kulola kotero ndi kogula, ndipo mwini wake amakusungirani kukhosi.

Mwana wotumidwa sopo kapena shuga musamufunse nambala ya amayi ake. Adzakupatsani mosavuta chifukwa anaiphunzira pamtima, koma chilolezocho si chake. Chimodzimodzinso kasitomala wokoma mtima amene amati, "Lembaninso ya mlamu wanga, amakonda zitenje." Mupatseni nambala ya shopu akampatse mlamuyo.

Njira imene ndimaikonda kuposa zonse ndi yotembenuza nkhaniyi. M'malo molemba nambala za anthu, lembani nambala ya shopu pa katoni, muikhome poonekera, ndi mawu akuti wofuna kudziwa tsiku la belo aisunge nambalayi ndipo atumize uthenga woti NDILEMBENI. Munthu akatumiza yekha, nambala singalakwike. Uthenga wakewo, wokhala ndi tsiku ndi nthawi, ndiwo umboni woti analola. Amanyazi aja amatha kukaganiza kunyumba osakuyang'anani m'maso. Palinso phindu lina lomwe tilione tikafika pa katumizidwe ka mauthenga.

Komabe si onse ali ndi WhatsApp, ndipo agogo ena amafuna kuimbiridwa. Kwa oterewa kope likufunikabe, koma lisakhalenso lokankhira kwa aliyense. Azakhali anadula timapepala, munthu amalemba pake yekha n'kuponya m'chitini cha mkaka chomwe anachiboola pa chivindikiro. Madzulo amakopera m'kope mwa mizere inayi: dzina lomwe munthu wapereka, nambala, chimene walola, ndi tsiku. Timapepala tija amatiponya pa mbaula. Komwe munthu amakhala, ntchito ya amuna ake kapena nambala ya chiphaso chake sizilowa m'kopemo, chifukwa belo silifuna zimenezo, ndipo chomwe simunalembe sichingabedwe. Kope la ngongole ndi lina, ili ndi lina. La ngongole limatuluka kangapo pa tsiku anthu akuona, pomwe la manambala limakhala lokiyiridwa, koma osati m'dirowa ya ndalama, popeza dirowa imeneyo imatseguka tsiku lonse ndipo wakuba akalowa amayambira pomwepo. Kope likadzaza kapena likatha ntchito, liwotcheni. Ndinagulapo mtedza wokazinga wokulungidwa m'tsamba la kope la shopu ina, mayina ndi manambala a anthu ali mbee, ngongole zawo zili pambali.

Gulupu ndiye khomo lalikulu

Cholakwa chachikulu cha azakhali chinali gulupu. Mu gulupu ya WhatsApp aliyense amatha kutsegula mndandanda n'kuona nambala za anzake. Ngakhale mutatseka kuti wolemba akhale inu nokha, mndandandawo umaonekabe. Munthu mmodzi woipa mtima pakati pa anthu 84 ndi wokwanira.

WhatsApp yomweyo ili ndi njira ina yomwe pa foni imalembedwa kuti New broadcast kapena Broadcast lists, ndipo imapezeka mukadina timadontho titatu tapamwamba. Mumasankha anthu, mpaka 256 pa mndandanda umodzi, n'kulemba uthenga kamodzi. Aliyense amaulandira ngati mwamulembera yekha, saona anzake, ndipo akayankha yankho limafika kwa inu nokha. Malire ake ndi akuti uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Ena amadandaula nazo, koma ine ndimaona kuti ndi chitetezo chabwino, chifukwa wosakufunani amangofufuta nambala yanu basi. Apa ndi pomwe katoni ija imathandizanso, popeza wotumiza NDILEMBENI amakhala atauzidwa kale kuti aisunge nambalayo. Mukaona kachizindikiro kamodzi kokha pa dzina la munthu kwa milungu ingapo, mwina sanaisunge, mwina foni inatayika, mwinanso anakutsekani. Musayambe kumusaka pa nambala zina.

Lonjezo la kawiri pa sabata lisungidwe. Zithunzi makumi atatu za madiresi zimadya bandulo ya munthu amene anaigula movutikira, ndipo uthenga wofika pakati pa usiku m'nyumba ya banja umabweretsa mafunso. Zithunzi zambiri ziikeni pa Status, pomwe wofuna amakaona yekha. Koma pa Status pomwepo musaike dzina, nkhope kapena nambala ya wangongole pofuna kumuchititsa manyazi. Ndalama mwina ibwera, koma makasitomala ena onse aona zomwe mumachita ndi nambala za anthu.

Foni yokhala ndi manambala

Manambala akalowa m'foni, foniyo yasanduka kope, ndipo kope limeneli limayenda m'minibasi, limapita kotchajitsa, madzulo ana amaseweretsa. Ngati mungakwanitse, shopu ikhale ndi foni ndi simukhadi yakeyake. Chifukwa china ndi wantchito. Mtsikana wothandiza pa kauntala akamasunga makasitomala m'foni mwake, tsiku lomwe wasiya ntchito amapita nawo, ndipo mwezi wamawa mudzamva kuti akuwaitanira ku benchi yake. Simungamulande foni yake. Foni ya shopu imatsala pa shopu, ndipo iye akachoka mumangosintha nambala yachinsinsi.

Nambala yachinsinsi yotsegulira foni isakhale 1234 kapena chaka chomwe munabadwa, isafananenso ndi ya Airtel Money kapena ya Mpamba. Mu WhatsApp lowani pa Settings, kenako Account, mutsegule Two-step verification n'kuika manambala asanu ndi limodzi odziwa inu nokha. Akuba ali ndi kachenjerero kodziwika. Amalemba nambala yanu pa foni yawo, WhatsApp imakutumizirani manambala asanu ndi limodzi pa uthenga wamba, kenako amakuimbirani mwaulemu kuti, "Mayi, pepani, ndalakwitsa n'kutumiza manambala anga kwa inu, tandiwerengereni." Mukawerenga, WhatsApp ya shopu yasamukira kwa iwo, ndipo amayamba kulankhula ndi anthu m'dzina lanu. Manambala amenewo sauzidwa munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Two-step verification ija ndi loko wachiwiri amene amawaimitsa ngakhale mutapusitsidwa.

Pali kena kamene ambiri sakaganizira. Pa foni za Android manambala amatha kusungidwa pa simukhadi, m'foni momwemo, kapena mu akaunti ya Google. Kusunga mu akaunti n'kwabwino, chifukwa foni ikabedwa manambala mumawapezanso pa foni ina. Koma funso ndi lakuti, akauntiyo anakutsegulirani ndani? Ambiri anatsegulitsa kwa mnyamata wogulitsa mafoni kumsika tsiku logula, ndipo mawu achinsinsi anasankha ndi iye. Ngati akuwakumbukira, angathe kuona manambala onse ali kwawo osakhudza foni yanu. Ya azakhali inali choncho. Tinasintha mawu achinsinsiwo tsiku lomwelo, n'kuwalemba pa pepala lomwe amasunga kunyumba pamodzi ndi makalata a nyumba.

Popita kokonzetsa foni, chotsani simukhadi ndi memore khadi. Ngati vuto ndi batire kapena potchajira, wokonza alibe chifukwa chofunira nambala yotsegulira, ndipo akafuna kuyesa, tsegulani nokha muli pomwepo. Samalaninso ndi mapulogalamu amene mumaika m'foni ya shopu. Ena obwereketsa ndalama mwachangu ndi ena oonetsa dzina la woimba amapempha kuona manambala onse a m'foni, ndipo mukadina Allow mwapereka makasitomala anu onse kwa anthu omwe simudzawaona. Mu Settings fufuzani mawu akuti Permissions, kenako Contacts, muone mapulogalamu amene munawalola. Tochi kapena masewera a ana alibe chochita ndi manambala a anthu.

Mmene tinakonzera

Gulupu ija sitinangoitseka mwakachetechete. Azakhali analemba uthenga wopepesa, kunena poyera kuti analakwa polowetsa anthu osawafunsa, kuti shopu siitanitsa ndalama belo lisanatsegulidwe, ndiponso kuti nambala yolipirira ndi imodzi yokha yomwe yakhomedwa pa khoma. Anapempha ofuna kupitiriza kuti atumize NDILEMBENI kumbali. Kenako tinatulutsa anthu mmodzimmodzi, chifukwa mwini gulupu akangotuluka yekha, gulupu imatsala ndi anthu ake ndi manambala awo. Titatsala tokha ndi pomwe tinaifufuta.

Mwa anthu 84 aja, 51 anatumiza uthenga. Asanu ndi mmodzi ananena mosabisa kuti asalembedwenso. Otsala 27 sanayankhe, ndipo apa azakhali anavutika mtima.

"Mwanawe, ena mwa amenewa ndi makasitomala anga akalekale. Ndiwataye?"

"Azakhali, shopu akuidziwa. Akafuna abwera, ndipo katoni aiona."

Tinawafufuta m'foni, masamba akale a kope lofiira tinawotcha. Mtsikana wa K10,000 uja azakhali anamuperekeza kupolisi ndi ku ofesi ya kampani ya foni kukanena nambala yomwe inalandira ndalamazo, ndipo anamupatsa zovala za mtengo womwewo. Nambala zomwe anthu ena anali atakopera kale sitikanatha kuzibweza, ndipo mayi woimbiridwa usiku uja sanabwererenso.

Tsopano mndandanda amauyeretsa kawiri pa chaka, mu Januwale ndi mu Julayi. Amene uthenga sukumufika kwa miyezi itatu amachotsedwa, chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imatha kuipereka kwa munthu wina. Wa diresi amachotsedwa akatenga diresi lake, wangongole akamaliza kulipira, pokhapokha atapempha yekha kuti akhale pa mndandanda wa belo. Wonena kuti "ndichotseni" amachotsedwa tsiku lomwelo, m'foni ndi m'kope momwe, osamufunsa chifukwa.

Tinaikanso kamsampha kakang'ono. Pakati pa mayina a m'kope ndi m'foni pali dzina limodzi lopeka, lomwe nambala yake ndi ya simukhadi yachiwiri ya azakhali imene sanaipereke kwa munthu aliyense. Tsiku lomwe nambala imeneyo idzalandire uthenga wotchula dzina lopekalo, kapena wotchula shopu, tidzadziwa kuti mndandanda watuluka. Chizindikiro china ndi makasitomala awiri kapena atatu kudandaula za uthenga wofanana m'sabata imodzi. Zikatero, kapena foni ya shopu ikabedwa, osadikira kuti mwina zingotha. Pitani ndi chiphaso chanu ku kampani ya foni akatseke simukhadi n'kukupatsani ina ya nambala yomweyo, lowaninso mu WhatsApp pa foni ina kuti ya wakubayo ituluke, sinthani mawu achinsinsi a Google, ndipo uzani makasitomala tsiku lomwelo kuti asatumize ndalama kwa aliyense wonena kuti ndi inu. Kuwauza kumachititsa manyazi, koma n'kopepuka poyerekeza ndi kuyang'anana ndi munthu amene waberedwa m'dzina lanu.

Inu amene muli ndi okala, saluni, golosale kapena benchi ya kaunjika, madzulo ano mukamatseka tayang'anani pa kauntala. Ngati pali kope lomwe aliyense amalitsegula, lichotseni lero. Ngati muli ndi gulupu yomwe anthu munawalowetsa osawafunsa, apepeseni, muwatulutse, ndipo mukhome nambala ya shopu pa khoma kuti ofuna akulembereni okha.